Ng'ombe, ng'oma ndi ngongole: kodi nkhodolero ikhale pati?

Funso: Zikomo aphunzitsi. Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mufakose. Ndinabadwira mu Harare momwe muno, kusukulu tinkalemba Chishona, Chichewa ndinangochiyamwira kwa amayi. Tikukonza mwambo wovundukula chiliza, ndiye m'kalata yoitanira abale ndinalemba kuti: "Tidzapha n'ombe imodzi, ngoma zidzayamba madzulo, aliyense asonkhe pan'gono kuti tisalowe mu ng'ongole." Pamwala ndikufuna mawu akuti "Usa mumtendere mn'ono wanga." Amalume akuti ndalakwitsa koma sakundiuza chifukwa. Kodi kachizindikiro aka kamakhala pati, nanga ng wopanda chizindikiro amayenera liti?

Yankho: Pepani ndi imfa ya m'bale wanu, mayi. Mwachita bwino kufunsa mwala usanagobedwe, chifukwa kalata imalembedwanso koma zogoba pamwala zimakhala zomwezo mpaka zidzukulu.

Kachizindikiroko m'masukulu a ku Malawi amakatcha nkhodolero. M'mawu ngati ng'ombe malo ake ndi amodzi basi: muyambe n, kenako g, nkhodolero ibwere pomaliza, ng'. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti g ameneyo musamutchule. Pamene g akumveka, lembani ng wopanda kanthu. Pamene g sakumveka, liwu lonse likutulukira m'mphuno, lembani ng'. Lamulo lake ndi lomweli, koma kuti likuthandizeni muyenera kumva ndi khutu lanu kuti awa ndi maliwu awiri osiyana, osati liwu limodzi lolembedwa pawiri.

Tiyambe ndi zimene mumazidziwa kale. Simungasokoneze kuuma ndi kuumba. Ponena kuuma, milomo imatsekeka, mpweya umadzera m'mphuno, kenako milomo imatseguka phee. Ponena kuumba, milomo imatsekekanso chimodzimodzi, koma isanatseguke njira ya m'mphuno imayamba yatsekeka, ndiye pamamveka kakuphulika ka b. Sunthani pang'ono kulowa m'kamwa, pomwe nsonga ya lilime imagunda kuseri kwa mano, mupeza kumana ndi kumanda. Lowaninso pang'ono, mupeza kunyala ndi njala. Tsopano fikani kumbuyo kwenikweni, kumene tsinde la lilime limakwera n'kukhudza kumwamba kofewa kuja kufupi ndi kummero. Kumeneko kulinso awiri otere: ng'ala, matenda aja ophimba diso la agogo ndi koyera, ndi ngala, ngala ya mapira kapena ya tirigu. Ndiye kuti ng' ndi m'bale wake wa m, n ndi ny, pomwe ng ndi m'bale wake wa mb, nd ndi nj.

Vuto linabwera chifukwa zilembo zimene tinalandira zilibe lembo la liwu lachinayilo. M alipo, n alipo, ny anamupanga pophatikiza zilembo ziwiri, koma la kumbuyoli linasowa pogwira. Akatswiri a ziyankhulo ali nalo lembo lake, ŋ, koma silinkapezeka pa makina wamba otayipira ndi osindikizira. Olemba oyamba anatenga ng, amene ali naye pafupi, n'kumuika nkhodolero. Mukatsegula Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, mupeza ng'ombe italembedwa kale chonchi. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, linasunga njira yomweyo, ndipo Chiswahili nachonso chimalemba ng'ombe. Mfundo yoti muigwire apa ndi yakuti ng' ndi lembo limodzi ngakhale lili ndi zidutswa zitatu. Nkhodolero yake sikuimira chilembo chimene chagwa.

Mawu abwino ophunzirira kumva ndi sing'anga, chifukwa ali ndi maliwu onse awiri moyandikana. Atchuleni pang'onopang'ono, si-ng'a-nga, chala chili pambali pa mphuno. Pa ng'a kunjenjemera kwa mphuno kumapitirira mpaka kulowa mu a, lilime limangotsika mosagunda. Pa nga kunjenjemerako kumaduka kaye, n'kumveka ga. Yesaninso mng'ono wanga, ng'ombe zanga, ndangoona ng'ona. Mukachita kangapo khutu limatseguka, ndipo mawu ambiri mudzawalemba bwino osafunsa munthu.

Komabe inu muli ndi chopinga chimene mnzanu wokulira ku Dedza kapena ku Kasungu alibe, ndipo si chamanyazi ayi. Dzanja lanu linaphunzira kulemba m'Chishona, ndipo Chishona chili nalo liwu lomweli koma chimalilemba mwina. Kalembedwe ka Chishona ka mu 1967 kanasankha n', wopanda g: n'anga, munin'ina. Choncho pamene munalemba n'ombe ndi mn'ono khutu lanu linamva bwino lomwe, munangobwereka chilembo cha eni dziko. Kukonza kwake n'kosavuta: paliponse pamene dzanja likufuna kulemba n' wa Chishona, lowetsani g pakati, zikhale ng'ombe, mng'ono. Musasiye n' ali yekha, chifukwa m'Chichewa n' ali ndi ntchito yake ina. Ndi chidule cha ndi, monga mu n'chiyani, n'zoona, anadzuka n'kupita. Wowerenga wa ku Malawi akaona n'ombe amayamba waganiza kuti mukuti "ndi ombe", kenako n'kubwerera kuti apeze chimene mumatanthauza.

Za ngoma n'zozamirapo, chifukwa apa Chishona sichinangolowa m'dzanja, chinalowa m'khutu. Ashona amati ngoma, g akumveka bwinobwino, ndipo amalemba molondola m'chiyankhulo chawo. Ife timati ng'oma. Mwana wokulira ku Mbare, ku Mabvuku kapena ku Tafara amamva ngoma tsiku lililonse, kutchalitchi, pawailesi, ngakhale kudambwe kumene anyamata ambiri masiku ano amacheza m'Chishona, mpaka katchulidwe ka agogo kamazimiririka. Akatero, lamulo loti "lemba zimene ukumva" limamusocheretsa, chifukwa iye akumvadi g. Ndipotu m'Chichewa ngoma aliko, ndi nyama yakutchire ija ya nyanga zopotana imene Ashona amati nhoro. Chimodzimodzi ngwena wa Chishona ndi ng'ona yathu. Ndiye pa mawu amene amafanana m'ziyankhulo ziwirizi musadalire khutu lanu lokha. Funsani wamkulu amene anakulira kumudzi awatchule, inu muyang'anitsitse ngati g akutuluka.

Pan'gono ndi cholakwa cha mtundu wachitatu, ndipo ichi si cha kuno kokha. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre mudzachiona pa zikwangwani ndi m'mauthenga apafoni: pan'gono, n'gombe, kuyan'gana. Munthu amakumbukira kuti pali nkhodolero penapake koma waiwala pomwe imakhala, ndiye amaiponya pakati, poti anazolowera kuiona ikutsatira n mu n'chifukwa ndi m mu m'nyumba. Kuipa kwake n'kwakuti n'g ndi kalembedwe kololedwa ka chinthu china. Tikafupikitsa "ameneyu ndi galu" timalemba ameneyu n'galu, ndipo g amamveka mwamphamvu. Potero n'gombe ikuwerengedwa "ndi gombe", gombe la nyanja lija pokocheza mabwato. Nkhodolero ikakhala pakati imalekanitsa n ndi g n'kumupatsa g mphamvu. Ikakhala kumapeto imamutontholetsa. Malo awiriwa amachita ntchito zotsutsana.

Chachinayi, ng'ongole, chimachitika munthu akayamba kuopa kulakwitsa. Wadzudzulidwa pa ng'ombe, ndiye akuika nkhodolero pa ng aliyense woyamba mawu. Tchulani nokha: ngo-ngo-le. G akumveka kawiri konse, choncho ndi ngongole. Ndiponso polumikiza ndi mu timafupikitsa kuti m'ngongole, ndipo nkhodolero imeneyo ndi ya u wogwa uja, si ya ng ayi.

Chiganizo chanu chikakonzedwa chikhala chotere: "Tidzapha ng'ombe imodzi, ng'oma zidzayamba madzulo, aliyense asonkhe pang'ono kuti tisalowe m'ngongole." Pamwala: "Usa mumtendere mng'ono wanga."

Tsopano za ng wopanda kanthu. Kunena zoona iyeyu ndiye wochuluka kutalitali, moti mukakayika popanda wofunsa, mwayi waukulu ngwakuti mawuwo alibe nkhodolero. Ndipo pali malo ena amene simuyenera kukayika n'komwe, chifukwa ndi tizidutswa ta galamala tobwera pafupifupi m'chiganizo chilichonse. Kachidutswa kosonyeza umwini, -nga, sikalandira nkhodolero: wanga, langa, changa, kwanga, mnzanga. Kachidutswa ka -ngo- nakonso ayi: ndangofika, akungolira, tingopita. Chimodzimodzi -nga- wa kuthekera, monga ndingathe, mungabwere, sangakane, pamodzi ndi ngati, ngakhale, angati, zingati. Onjezanipo chidule cha "ndi wa", chimene ndagwiritsa ntchito pamwambapa: ngwabwino, ngwanga, ngwakuti. Ena amachilemba ng'wabwino poganiza kuti poti pagwa zilembo payenera nkhodolero, koma akatero asintha liwu, chifukwa g wa mu ngwabwino amamveka.

Aneni othera ndi -nga amene timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku nawonso ndi a g womveka: kupanga, kumanga, kutenga, kusunga, kuwerenga, kulonga, kutunga. Akasintha mathero ng amakhalabe yemweyo, tengani, anamangira, zosungidwa, kuwerengetsa. Mayina a malo akumudzi amene mumawalemba kawirikawiri ali m'gulu lomweli: Lilongwe, Mangochi, Kasungu, Karonga. Mulungu, mpingo, mlongo, bungwe, chingwe, chinangwa, ngozi, ngolo, ngumbi, Angoni, onsewa alibe nkhodolero. Musadabwenso ndi nkhuku, nkhani ndi nkhuni. N wa m'mawu amenewa amatchulidwira kumbuyo komwe kuja, koma k wotsatirayo amaonetsa kale zimenezo, ndiye sipafunika chizindikiro.

Poti mawu a ng' ndi ochepa, njira yachidule ndi kuwaloweza ngati mmene timalowezera mayina a abale. Ofala ndi awa: ng'ombe, ng'oma, ng'ona, ng'anjo, ng'ala, mng'oma wa njuchi, mng'alu wa pakhoma, sing'anga, kung'amba, kung'anima, kung'ung'udza, kunong'ona, kunyong'onyeka, kuyang'ana, ndi banja lonse la -ng'ono. Mukadziwa tsinde limodzi mwadziwa ana ake onse, chifukwa nkhodolero imayenda ndi tsinde kulikonse kumene lapita. Kuchokera ku kuyang'ana mupeza kuyang'anira, woyang'anira, kuyang'anitsitsa, tayang'anani. Kuchokera ku -ng'ono mupeza pang'ono, wamng'ono, chaching'ono, ang'onoang'ono, kakang'ono. Kunong'ona kumabala kunong'oneza, ndiye "ndikunong'oneza bondo" imalembedwa ndi nkhodolero. Kung'amba kumabala kung'ambika ndi chong'ambika.

Pamene anthu amapunthwa kwambiri ndi pomwe kachidutswa ka galamala kakumana ndi tsinde la ng'. Tengani mawu akuti wangong'amba. Agaweni: wa-ngo-ng'amba. Woyambayo ndi -ngo- uja, alibe nkhodolero, wachiwiriyo ndi wa tsinde, ali nayo. Sangang'ambe ndi sa-nga-ng'ambe. Akungong'ung'udza ali ndi ng atatu, woyamba wopanda kanthu, awiri otsatirawo a nkhodolero. Mukamalemba mawu aatali otere, dzifunseni kuti tsinde layambira pati, zotsalazo zimadzikonza zokha.

Pali kanthu kena kamene kamandisangalatsa pa mawu amenewa, ndipo kangakuthandizeni kukumbukira. Bwererani pa mndandanda uja muone phatikizo lotsatira ng'. Mu ng'ombe mukubwera mb, mu ng'oma m, mu ng'ona n, mu ng'anjo nj, mu pang'ono n, mu kuyang'ana n, mu sing'anga ng, mu Amang'anja nj. Pafupifupi monsemo liwu lotsatira nalonso ndi la m'mphuno. Sizinangochitika mwangozi. Kalekale mawu ngati ng'ombe ndi ng'oma anali ndi g womveka, monga Chishona ndi Chiswahili zasungira mu ngoma, koma g wopanikizika pakati pa maliwu awiri a m'mphuno anamezedwa. Kusintha kotereku kumapezeka m'ziyankhulo zambiri za Chibantu, ndipo akatswiri amakutcha lamulo la Meinhof, potengera dzina la Carl Meinhof, katswiri wa ku Jeremani. N'chifukwa chake Chishona ndi Chichewa zimasiyana ndendende pa mawu ngati ngoma ndi ngwena. Koma ichi chitengeni ngati chokukumbutsani chabe, osati lamulo la kalembedwe, poti chili ndi malire mbali zonse ziwiri. Ng'ala ndi mng'alu ali ndi nkhodolero chonsecho kutsogolo kwawo kuli l. Ngongole, ngumbi ndi Angoni alibe nkhodolero chonsecho kutsogolo kwawo kuli liwu la m'mphuno. Phindu lake n'lakuti mukaona ng wa m'tsinde akutsatidwa ndi m kapena n, muime kaye mutchule mawuwo mokweza musanalembe.

Ngati kunyumba kuli Baibulo la Chichewa, monga zilili m'mabanja ambiri a CCAP ndi mipingo ina ya kwathu kuno ku Harare, muli ndi pophunzirira pabwino. Werengani Genesis 41 mokweza, maloto a Farao aja. Muli ng'ombe zisanu ndi ziwiri ndi ngala zisanu ndi ziwiri, zikubwerezedwabwerezedwa, ndiye diso ndi khutu zimaphunzirira limodzi. Pa Danieli 3 pali ng'anjo yamoto, ndipo pamenepo muonanso kuti mawu amodzi atha kunyamula nkhodolero ziwiri za ntchito zosiyana: m'ng'anjo, yoyamba ya mu, yachiwiri ya ng'. Chenjezo langa n'lakuti Mabaibulo akale aja ali ndi kalembedwe kena kamene kanasinthidwa, monga c m'malo mwa ch, cifukwa, cakudya. Pa ng' mutha kuwadalira, koma musakopere zonse.

Ndibwerere ku mwala, poti ndiwo sufufutika. Mng'ono ali ndi nkhodolero imodzi yokha. Ambiri amalemba m'ng'ono, koma m woyambayo ndi yemwe uja wa mu mlongo, mnyamata ndi mlendo, sasonyeza malo ngati wa mu m'nyumba. Tikamaika nkhodolero mu m'bale ndi m'busa timafuna kuti m asawerengedwe pamodzi ndi b, kuti m'bale wanu asasanduke mbale yodyera. Mu mng'ono mulibe chisokonezo chotero. Ngati mawu agobedwa m'zilembo zikuluzikulu, nkhodolero isachoke: MNG'ONO WANGA. Ndipo wogoba akafuna kudula mawu chifukwa mzere watha, asalekanitse n, g ndi nkhodolero. Pang'ono amadulidwa pa-ng'o-no, osati pan-g'ono. Chabwino koposa n'kusadula n'komwe.

Amisiri ambiri ogoba miyala mu Harare ndi olankhula Chishona, ndipo diso lawo likaona ng' limaganiza kuti g walowa molakwika kapena kuti nkhodolero ndi kadontho kongodetsa pepala. Wina adzakukonzerani mwa mtima wabwino n'kukhala mn'ono kapena mngono. Musawatumizire mawuwo pakamwa kapena pafoni pokha. Alembeni papepala m'zilembo zazikulu, zungulizani ng' ndi cholembera, muwauze kuti zitatuzi zikhale momwemo, ndipo mupemphe kuona chojambula cha mwalawo asanayambe kugoba. Pa kalata, samalani ndi foni yomwe, poti makina okonza mawu a Chingerezi amakonda kuchotsa nkhodolero kapena kuika mpata pambuyo pake, pang' ono. Pasakhale mpata. Nkhodolero yowongoka ' ndi yopindika ’ zonse n'zololedwa, bola musankhe imodzi m'kalata yonse. Kusakaniza kumavutitsa mukadzafuna dzina m'kaundula wa bungwe pa kompyuta, chifukwa mapologalamu ena amaziona ngati zizindikiro ziwiri zosiyana.

Izi zikundifikitsa pa mayina a mabanja, omwe inu ngati mlembi mumakumana nawo mwezi ndi mwezi. Mayina ngati Kang'ombe, Ching'oma ndi Ng'ambi ali ndi liwu lomweli. Makolo athu atabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino, mayina awo ankalembedwa ndi makalaliki osadziwa Chichewa, ndipo nkhodolero inkagwera m'njira. Lero mupeza mdzukulu akudzitchula yekha Kangombe, g akumveka, chifukwa ndi mmene aphunzitsi ankaitanira dzina lake m'kalasi. Pa zikalata za boma, za banki ndi za inshuwalansi ya maliro lembani dzina ndendende mmene lilili pa chitupa, ngakhale likhale lolakwika m'Chichewa, chifukwa kusiyana kwa chizindikiro chimodzi kutha kuchedwetsa ndalama pa nthawi imene banja likuzifuna kwambiri. M'kaundula wanu mutha kukhala ndi mizere iwiri, wina wa dzina la pachitupa, wina wa dzina mmene eni ake amalitchulira. Pa chiliza mpamene ine ndingakonde kuti dzina libwerere mwakale, ndi nkhodolero yake, koma zimenezo mukambirane ndi amalume ndi akuluakulu a banja mwala usanapite kwa mmisiri.